Kona ya nyumba yadukira kunja kwa chithunzi: momwe mungaibwezere popanda khoma kupindika

Mayi wina anafika kuntchito kwathu ndi chithunzi cha nyumba ya malemu bambo awo. Inali nyumba ya njerwa zowotcha, ya malata, mawindo atatu kutsogolo. Nyumbayo inagwetsedwa kale, ndipo chithunzi chomwe chinatsala n'chimodzi chokhacho, chojambulidwa pa foni ndi mwana yemwe maso ake anali pa agogo ake okhala pakhonde, osati pa khoma. Kona yakumanja inadukira kunja, pamodzi ndi nsonga ya m'munsi ya denga. "Achimwene," anatero mayiwo, "ndikufuna ndichiike mu fulemu, koma nyumba ikuoneka ngati yalumidwa. Simungaimalizitse?"

Ntchito yotereyi imabwera kawirikawiri, ndipo pafupifupi aliyense amayamba mofanana: amakulitsa kanvasi, kusankha malo opanda kanthuwo, kulamula Photoshop kuti idzaze, kenako n'kudabwa khoma likupitirira mpaka kumapeto kwa chithunzi, windo lachinayi litamera pomwe panalibe windo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. `Content-Aware Fill`, yomwe inabwera mu Photoshop CS5 m'chaka cha 2010, imatola tizidutswa ta chithunzi chomwe chilipo n'kutilumikiza pamalo opanda kanthu. Imadziwa kufananiza mtundu ndi maonekedwe, koma sidziwa kuti khoma limatha. Komwe kona inali muyenera kukupeza nokha, musanadzaze chilichonse. Zovuta zambiri zomwe ndifotokoze pano zimachokera pa kudumpha sitepe imeneyi.

Musanagwire kalikonse, funsani kaye ngati gawo losowalo linasowadi. Chithunzi chomwe chinadulidwa pa foni nthawi zambiri chimabwerera momwe chinalili ngati foni yomwe anadulirayo ilipo. Fayilo ya Photoshop yomwe inadulidwa `Delete Cropped Pixels` isanachongedwe imasungabe m'mbali mwake, ndipo `Image > Reveal All` imaonetsa zonse. Funsaninso ngati pali chithunzi china cha tsiku lomwelo, ngakhale choipa, chifukwa kona yeniyeni yosaoneka bwino imaposa yopeka. Ndipo ngati akukutumizirani pa WhatsApp, auzeni atumize ngati dokyumenti, apo ayi chifika chitafinyidwa, mizere ya njerwa itasanduka phala. Kwa mayi aja tinafufuza zonsezi osapeza kanthu. Tinatsala ndi fayilo imodzi ya mapikiseli 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi.

## Kanvasi yakula, koma osati momwe mumafunira

Malo owonjezera amachokera ku `Image > Canvas Size`, kapena `Ctrl+Alt+C`. Musasokoneze ndi `Image Size`, yomwe imakoka chithunzi chonse n'kunenepetsa nyumba. M'bokosi la `Canvas Size` chongani `Relative`, kuti nambala yomwe mulembe ikhale yowonjezera chabe. Pansi pake pali timabokosi tisanu ndi tinayi totchedwa `Anchor`. Apa ambiri amaphonya: kabokosi komwe mwadina ndi komwe chithunzi chakale chikhale, osati komwe malo atsopano apite. Mukafuna malo kumanja, dinani kabokosi kapakati ka kumanzere. Mukasiya pakati penipeni, mapikiseli 600 omwe mwapempha agawika, 300 uku 300 uko.

Ngati malo atsopanowo atuluka oyera kapena akuda m'malo mwa timabokosi totuwa tosonyeza kuti palibe kanthu, ndiye kuti leya yanu ikadali `Background` yokhoma. Bwererani, dinani kaloko kali pambali pa leyayo, kenako kulitsaninso. Ine ndimayamba ndi `Ctrl+J` kuti ndikhale ndi kope, choyambiriracho n'kuchibisa pansi osachikhudzanso. Ogwiritsa GIMP ali ndi msampha wawo: kanvasi imakula koma leya imatsala pa msinkhu wake wakale, ndiye burashi imakana kulemba pamalo atsopano ngati yafa. Mu GIMP 2.10 mankhwala ake ndi `Layer > Layer to Image Size`.

Yang'aninso m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi chakale mutakulitsa mpaka 300%. Chithunzi chosikanidwa kawirikawiri chimakhala ndi kamzere koyera kapena kakuda m'mphepete. Fufutani mapikiseli atatu kapena anayi amenewo tsopano. Mukawasiya, adzaoneka ngati chingwe choimirira pakati pa khoma lanu latsopano, ndipo kudzachotsa pambuyo pake n'kowawa.

Funso loti muwonjezere malo ochuluka bwanji silingayankhidwe musanayeze. Poyamba onjezerani mopitirira, mudzadula pomaliza.

## Kupeza pomwe kona inali

Mmisiri samayala njerwa asanakoke chingwe. Inunso tsegulani leya yatsopano pamwamba pa zonse, tengani burashi yofiira yopyapyala ya mapikiseli awiri kapena atatu, ndipo kokani mizere. Mukadina malo amodzi, kenako n'kudina ena mutagwira `Shift`, mzere umatuluka wowongoka.

Mizere yoyamba ndi yopingasa: m'munsi mwa denga, pamwamba pa mawindo, pansi pa mawindo, ndi pomwe khoma lakumana ndi nthaka. Mzere uliwonse uyambire kutali kumanzere, udutse pomwe chithunzi chathera, upitirire mpaka kumapeto kwa malo atsopano. Musayezere pa kachigawo kakafupi ka kumapeto kokha, chifukwa kuphonya pang'ono pa kamtunda kakafupi kumakula mukatalikitsa mzere. Mudzaona kuti mizereyo siyendera limodzi ngati njanji. Pa chithunzi cha mayi aja wojambula anaima chakumanzere kwa nyumba, ndiye mzere wa denga unkatsika popita kumanja, wa pansi unkakwera, ndipo khoma linkachepa msinkhu likamatalikira. Khoma lomwe mumange liyenera kupitiriza kuchepa chomwecho.

Mizere yopingasayi ikukuuzani njira yomwe khoma likulowera, koma sikukuuzani pomwe laima. Pamenepo tinawerenga njerwa. Kumanzere, kuchokera pa fulemu ya windo loyamba kukafika pa kona panali njerwa zisanu. Kumanja, kuchokera pa windo lomaliza panali kuoneka njerwa zitatu, chithunzi n'kutha. Ndinafunsa mayiwo ngati mbali ziwirizi zinali zofanana, ndipo anati m'kukumbukira kwawo zinali choncho. Ndiye zosowa zinali njerwa ziwiri. Njerwa zitatu zooneka zija ndinaziyeza: mapikiseli 64, 63 ndi 62, iliyonse ikuchepa ndi pikiseli imodzi. Ziwiri zotsatira zikanakhala 61 ndi 60, pamodzi 121. Khoma lonse losowalo linali laling'ono chonchi, pomwe `Content-Aware Fill` ikanadzaza mapikiseli 600 onse ndi njerwa.

Mboni imodzi siikwana, makamaka ngati mboniyo ndi kukumbukira kwa munthu. Yachiwiri tinaipeza padenga. Popeza wojambula anaima kumanzere, m'mphepete mwa denga kumanja munkapendekera kumanzere pokwera, moti nsonga ya msana wa denga inali ikadali m'chithunzi, pamodzi ndi kachigawo ka m'mphepete mwa lata lomaliza. Ndinakoka mzere kuchokera pa nsongayo, kutsata m'mphepetemo, kutsika mpaka unakumana ndi mzere wa m'munsi mwa denga. Anakumana pafupifupi mapikiseli 205 kunja kwa chithunzi chakale. Kumanzere denga linkapitirira khoma ndi njerwa imodzi ndi theka, zomwe kumanja zikanakhala pafupifupi mapikiseli 90. Mukaphatikiza 121 ndi 90 mupeza 211. Kusiyana kwa mapikiseli sikisi pa chithunzi cha 4000 palibe amene angakuone. Zikanasiyana ndi 60 kapena 100, ndikanadziwa kuti mbali ziwiri za nyumbayo sizinali zofanana, ndipo ndikanakhulupirira denga kuposa kuwerenga njerwa, chifukwa denga ndi lomwe likuoneka ndi maso.

Chotsala ndi kuima kwa konayo. Musaikoke yowongoka ngati mwaika levulo. Munthu akajambula nyumba foni itayang'ana m'mwamba pang'ono, mizere yoimirira imapendekera m'kati, ndipo kupendekerako kumakula mukamatalikira pakati pa chithunzi. Ndinatalikitsa mzere wa fulemu ya windo lomaliza kuchokera pansi mpaka padenga, msinkhu wa mapikiseli pafupifupi 1100, ndipo unapendekera kumanzere ndi mapikiseli 20. Kona ili kunja kuposa windolo, ndiye ndinaipatsa 23. Kona yowongoka bwinobwino pambali pa windo lopendekera imaoneka ngati khoma likufuna kugwera kunja, ndipo woona amangomva kuti china chake sichili bwino osadziwa kuti n'chiyani.

Ngati mizere ya njerwa ikukana kutsata mzere wanu wowongoka, ikupindika ngati uta chakumapeto, vuto si dzanja lanu. Ndi lenzi, makamaka ikakhala yotenga malo aakulu. Konzani zimenezo kaye ndi `Filter > Lens Correction` pa chithunzi choyambirira, musanakulitse kanvasi, kenako yambiraninso kukoka mizere. Kumanga khoma lowongoka pa chithunzi chopindika kumasiya chigongono pamalo olumikizira.

Titamaliza kuyeza, tinasiya malo owonjezera pa mapikiseli 600: a khoma, a denga, ndi mpata woti nyumba ipume.

## Yambani ndi zakumbuyo

Dongosolo lake ndi lakuti zakutali ziyambe, zapafupi zibwere pamwamba: thambo ndi mitengo, kenako nthaka, kenako khoma, pomaliza denga ndi mithunzi. Chilichonse pa leya yakeyake. Mukayamba ndi khoma, mudzavutika kulowetsa thambo m'mphepete mwake ndipo padzatsala kuwala koyera mozungulira kona.

Pa thambo ndi pomwe `Content-Aware Fill` imagwira ntchito yabwino. Gwirani `Ctrl` n'kudina kachithunzi ka leya ya nyumba, kenako `Ctrl+Shift+I` kuti musankhe malo opanda kanthu okha. Musadzaze msanga. Pitani ku `Select > Modify > Expand` ndipo lembani 8 kapena 10, kuti malo osankhidwawo alowe pang'ono m'chithunzi chakale. Kamzere kopyapyala koonekera kumbuyo, komwe anthu ambiri amadandaula nako, kamabwera chifukwa chodumpha zimenezi.

Kenako `Edit > Content-Aware Fill`. Kuyambira mu Photoshop CC 2019 lamuloli limatsegula zenera lakelake, momwe malo omwe pulogalamu ikutolako amapakidwa zobiriwira. Fufutani zobiriwirazo pa nyumba yonse: khoma, malata, mawindo, agogo pakhonde. Siyani thambo, mitengo ndi nthaka basi. Mukatero, malo onse atsopano adzadzaza ngati kuti nyumba kulibe, ndipo ndi zomwe tikufuna, chifukwa khoma lidzakhala pamwamba pake. Pa `Output To` sankhani `New Layer`. Amene muli ndi Photoshop yakale yopanda zenera limeneli, bisani nyumbayo ndi masiki kwa kanthawi, dzazani kudzera pa `Shift+F5`, kenako chotsani masikiyo.

Ikakana n'kulemba kuti `not enough opaque source pixels`, mwaima pa leya yopanda kanthu, mwina ya mizere yofiira ija. Ngati lamulo lili lotuwa losadinika, onani ngati pali malo osankhidwa, komanso ngati leyayo si `Smart Object`.

Vuto lina lofala pano ndi kubwereza. Mtambo umodzi womwewo umaoneka kawiri, kapena nthambi ya mango yokhala ndi mphanda yodziwika imamera katatu motsatizana. Maso a munthu amagwira zimenezi msanga kuposa cholakwika china chilichonse. Dzazani pang'onopang'ono, thambo palokha ndi nthaka payokha, kenako phwanyani zobwerezazo ndi `Clone Stamp` potola kuchokera kutali. Pa thambo loti mbee lopanda mtambo mukhoza kungosankha kachigawo ka m'mphepete n'kukakoka ndi `Ctrl+T`, koma musakoke kupitirira kawiri kukula kwake, chifukwa timadontho ta chithunzi timasanduka mikwingwirima yopingasa.

## Khoma

Njira yomwe imabwera msanga m'mutu ndi kukopera kona yakumanzere, kuitembenuza ndi `Flip Horizontal`, n'kuimata kumanja. Imagwira ngati wojambula anaima pakati penipeni moyang'anizana ndi nyumba, dzuwa lili kumbuyo kwake kapena kuli mitambo. Pa chithunzi chathu ikanawononga zinthu zitatu. Kumanzere kunkaoneka khoma la m'mbali, ndipo munthu amene waima kumanzere kwa nyumba sangaone khoma la m'mbali la kumanja, ndiye kona yakumanja iyenera kungotha, kumbuyo kwake kukhale thambo. Chachiwiri, njerwa za kumanzere zinali pafupi ndi kamera, zazikulu. Chachitatu ndi kuwala. Dzuwa linkachokera kumanzere, ndipo kamthunzi ka m'mipata ya njerwa kankagwera mbali imodzi. Mukatembenuza, kamthunziko kamagwera mbali inayo, ngati nyumba ili ndi madzuwa awiri.

`Clone Stamp` wamba nayo imalephera pa khoma lopendekera chonchi. Imakopera njerwa pa kukula komwe yazipeza, ndiye mzere wapakati ukalumikizana bwino, wapamwamba ndi wapansi umaphonya. Khoma lathu linali ndi mizere ya njerwa pafupifupi 30, uliwonse wa mapikiseli 36 kapena kuposa pang'ono, ndipo kuphonya kwa mapikiseli atatu okha kunkaoneka ngati sitepe.

Chida choyenera ndi `Filter > Vanishing Point`, kapena `Ctrl+Alt+V`, chomwe chilipo kuyambira mu CS2 ya 2005. Tsegulani kaye leya yatsopano yopanda kanthu, zimitsani ya mizere yofiira, kenako lowani. Dinani malo anayi pa khoma opanga bokosi lomwe mukudziwa kuti pa nyumba yeniyeni ndi lamakona owongoka. Ine ndinatenga kona yapamwamba ndi yapansi ya windo loyamba kumanzere, ndi kona yapamwamba ndi yapansi ya windo lomaliza kumanja. Bokosi lalikulu limalondola kuposa laling'ono, ndiye musayezere pa njerwa imodzi. Ukonde womwe utuluke ukakhala wabuluu, zili bwino. Ukakhala wachikasu kapena wofiira, malo anu anayi sakugwirizana, sunthani limodzi mpaka usinthe. Koma buluu yekha asakukhutitseni. Yang'anani ngati mizere ya ukondewo ikugona pa mizere ya simenti kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Ikagona, kokani m'mphepete mwa ukonde kumanja, m'mwamba ndi pansi mpaka uphimbe malo onse omwe khoma lifike.

M'katimo muli chida chodindira chomwe chimachepetsa chokha zomwe mwakopera molingana ndi mtunda. Gwirani `Alt` n'kudina pamphambano ya simenti, pomwe mzere wopingasa wakumana ndi woimirira, pamalo a khoma opanda windo. Kenako yambani kupaka pamphambano yofanana nayo pafupi ndi pomwe chithunzi chathera, m'kati mwa khoma lakale, n'kumapita kunja. Onetsetsani kuti mphambano ziwirizo zili pa mzere umodzi wa njerwa, kapena zasiyana ndi mizere iwiri, inayi, isanu ndi umodzi. Njerwa zimayalidwa mopingasana, mzere uwu mpata uli apa, wotsatira uli pakati pa njerwa, ndiye mukasiyanitsa ndi mzere umodzi mipata idzagundana. `Heal` muyike pa `Off`, chifukwa ikakhala yoyaka imayamwa mtundu wa thambo n'kuupaka pa njerwa zakumapeto. Mu GIMP ntchito yomweyi imagwiridwa ndi `Perspective Clone`.

Pakani mopitirira pomwe kona ikhale, musayese kuimitsa burashi pamzere. Mukatuluka, yatsani mizere yofiira, tengani `Polygonal Lasso`, tsatani mzere wa kona, wa pansi ndi wa m'munsi mwa denga, n'kupanga masiki. Apa pali chinthu chomwe chimaulula ntchito zambiri: m'mphepete mwakuthwa ngati mwadula ndi lumo. Kulitsani kona yeniyeni ya kumanzere muone momwe imafewera pokumana ndi thambo. Pa chithunzi chathu inkafewa pa mapikiseli awiri kapena atatu, ndiye masiki ndinaipatsa `Feather` ya 1.2. Kenako ndi burashi yaing'ono ndinadya pang'ono m'mipata ya simenti, chifukwa kona ya njerwa zowotcha kumudzi siwongoka ngati ya galasi.

Pomaliza yang'anani kayalidwe ka pakona. Pa khoma loyalidwa mwa nthawi zonse, mzere umodzi umathera pa njerwa yathunthu, wotsatira umathera pa mutu wa njerwa yomwe yalowera ku khoma la m'mbali, wooneka ngati theka. Ngati kuwerenga kwanu kunali kolondola, zimenezi zimangochitika zokha. Mukapeza kuti mizere yonse ikuthera pa tizidutswa tachilendo, kotala apa, kotala zitatu apo, sunthani kona ndi mapikiseli ochepa mpaka igwere pampata. Mmisiri aliyense woona chithunzicho angaone cholakwikacho nthawi yomweyo, ngakhale wojambula sangachione.

## Denga ndi mithunzi

Malata ndinawachita ndi njira ina, chifukwa gawo losowa linali laling'ono, la makona atatu. Ndinasankha mipanda ya lata yoyandikana nalo, `Ctrl+J`, kusunthira kumanja, kenako `Ctrl+T` ndi `Distort`, n'kukoka makona mpaka mizere ya malata inatsata mzere wofiira wa m'mphepete. Pochita izi tsitsani `Opacity` kufika 50% kuti muziona zapansi, mubwezere mukamaliza. Malata musawatembenuze konse. Mpanda uliwonse uli ndi mbali yowala ndi yamdima, ndipo zikasinthana pakati pa denga zimaoneka patali. Dzimbiri lodziwika kapena msomali wokhota zikabwera ndi kopeyo, zifufuteni.

Mthunzi wa denga pa khoma umabwera wokha ngati munakopera njerwa pa msinkhu womwewo. Ngati wasowa kapena wathyoka, upangeni pa leya ya `Multiply`, ndi mtundu wotoledwa pa mthunzi weniweni, osati wakuda bii. Mthunzi wa pansi ndi womwe ambiri amaiwala. Dzuwa likuchokera kumanzere, nyumba iyenera kugwetsa mthunzi pa nthaka kupitirira kona yakumanja. Popanda umenewo khoma latsopano limaoneka loyandama. Kolowera kwake ndinakuonera pa mthunzi wa mzati wa khonde, ndipo ndinadetsanso pang'ono m'tsinde mwa khoma, pomwe matope a mvula amathimbiriritsa njerwa.

## Zonse zalumikizana koma malire akale akuonekabe

Mizere ili bwino, kona ili pamalo pake, koma mukachepetsa chithunzi mukuona chigamba. Zoyambitsa zake n'ziwiri nthawi zambiri.

Choyamba ndi kuwala. Malenzi ambiri amadetsa m'mphepete mwa chithunzi, ndiye khoma lakale limada pang'onopang'ono pofika kumalire, kenako njerwa zomwe mwatola pakati zimayamba zowala. Zotsatira zake ndi lamba wakuda woimirira pomwe chithunzi chinkathera. Ikani `Curves` pamwamba pa leya ya khoma latsopano, imangirireni ku leyayo ndi `Ctrl+Alt+G`, n'kutsitsa mpaka zifanane. Musadalire maso okha. Tsegulani `Info`, ikani chida chotolera mtundu pa `11 by 11 Average`, ndipo yerekezani manambala a simenti mbali iyi ndi mbali inayo ya malire. Ngati lambayo ndi wamphamvu, walitsaninso m'mphepete mwa chithunzi chakale ndi masiki yofewa.

Chachiwiri ndi timadontho tonga mchenga tomwe chithunzi chilichonse chili nato. Chilichonse chomwe mwakoka, kuchepetsa kapena kupaka ndi burashi chimasalala kuposa choyambirira. Pangani leya yatsopano ya `Overlay` yodzazidwa ndi `50% Gray`, pitani ku `Filter > Noise > Add Noise`, sankhani `Gaussian` ndi `Monochromatic`, yambani ndi 2%, kenako ifewetseni ndi `Gaussian Blur` ya 0.4 kapena 0.5. Iikeni masiki kuti igwire malo atsopano okha, ndipo yerekezani pa 100%.

Poyesa ntchito yanga ndimaika `Levels` yakanthawi pamwamba pa zonse n'kukoka timakona take awiri akumapeto kuyandikira pakati, mpaka chithunzi chioneke choipa kwambiri. Msoko uliwonse wobisika m'thambo umatulukira. Pa chithunzi cha mayi aja munatuluka kamzere kotuwa pamwamba pa denga komwe sindinakaone ola lathunthu, koma pa pepala kakanaoneka. Ndimatembenuzanso chithunzi chonse kwa kanthawi, chifukwa maso akazolowera mbali imodzi amasiya kuona kupendekera. Mukatha, tayani `Levels` ija ndi mizere yofiira, sungani PSD yokhala ndi maleya onse, kenako tulutsani JPEG yosindikiza. Ife tinadula pa 4500 ndi 3000, zomwe zimakwana ndendende pepala la masentimita 30 ndi 20.

Njira yonseyi imadalira kuti chosowacho chikhale chopitiriza zomwe zikuoneka: njerwa, malata, pulasitala. Ngati mbali yodukayo inali ndi chitseko, thanki ya madzi kapena chipinda chowonjezera, palibe mzere womwe ungakuuzeni maonekedwe ake, ndipo mukamanga mukhala mukupeka nyumba ina. Kwa ine, chosowa chikapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a nyumba, ndimamuuza mwini wake kuti ndi bwino tingodula chithunzicho mwaluso, kuduka kuoneke kwadala. Chithunzi chopita kukhoti, ku inshuwalansi, m'nyuzipepala kapena chotsatsira nyumba yogulitsa sindichimanga kona n'komwe.

Mayi aja atabwera kudzatenga, ndinawaonetsa pomwe chithunzi chenicheni chathera ndi pomwe ine ndayambira. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Pakonapo panali mpapaya, achimwene. Koma usiyeni, unauma bambo asanamwalire."